Kutola mfundo, kuwerenga mokweza kapena kupulinta: njira iti yowerengeranso zomwe mwalemba?

Munthu amene wangomaliza kulemba saona zomwe zili patsamba, amaona zomwe ankafuna kunena. Mawu amene wawadumpha amawadzaza yekha m'mutu osazindikira, ndipo ndime yopanda mutu weniweni imamveka bwino kwa iye chifukwa akukumbukirabe chimene anailembera. N'chifukwa chake nkhani iyenera kuyamba yagona isanawerengedwenso. Kalata ya tsamba limodzi ikhoza kugona usiku umodzi, lipoti la masamba angapo masiku awiri kapena atatu, pamene chaputala cha kafukufuku chimafuna sabata yathunthu ngati nthawi ilipo. Koma kupumako pakokha sikukonza kanthu. Kumangokuthandizani kuiona nkhaniyo monga angaionere mlendo, ndipo mwayi umenewu sukhalitsa, chifukwa mukaiwerenga kamodzi kapena kawiri mwaizoloweranso. Funso lalikulu tsono ndi lakuti kuwerenga koyamba kuja mukuwonongere pa ntchito yanji.

Njira zodziwika zilipo zitatu: kutola mfundo ndime ndi ndime kuchokera m'nkhani yolembedwa kale, kuwerenga mokweza, ndi kupulinta n'kuwerenga papepala. Ambiri amasankhapo imodzi malinga ndi chizolowezi, ngati kuti zonse zimagwira ntchito yofanana. Ine ndikuona kuti iliyonse imagwira zolakwa za mtundu wake, ndipo imene anthu amaidumpha kawirikawiri, ya kutola mfundo, ndiyo yoyenera kupatsidwa kuwerenga koyamba.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti mlembi wa gulu la alimi a mthirira walemba lipoti la masamba asanu, la ndime 10, lopempha bungwe lina kuti ligulire gululo pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa. Walemba Lachisanu, ndipo akulitsegulanso Lolemba m'mawa.

Kutola mfundo kumachitika motere. Mumapatsa ndime iliyonse nambala, kenako papepala lina mumalemba chiganizo chimodzi chachifupi chonena zimene ndimeyo ikunenadi, osati zimene munkafuna kuti inene. Chiganizocho chikhale ndi mneni. Kulemba kuti "za madzi" n'kudzinamiza, chifukwa ndime iliyonse ikhoza kubisala pansi pa mutu wotere, koma kulemba kuti "madzi a mumtsinje amachepa kuyambira Seputembala" kumakukakamizani kuona ngati ndimeyo ili ndi mfundo. Panthawiyi musakonze chiganizo chilichonse ngakhale chikukuyabwani m'maso, chifukwa mukangoyamba kukonza mawu mwasiya kuyang'ana kayalidwe ka nkhani yonse.

Mlembi wathu atachita zimenezi wapeza kuti ndime 1 ikunena za mmene gulu linayambira, ndime 2 ikupitiriza mbiri yomweyo, ndime 3 ikutchula chiwerengero cha mamembala, ndipo pofika pa ndime 4 walephera kulemba chiganizo chimodzi. Wayamba ndi mawu akuti "madzi amachepa mu Okutobala", n'kuwonjezera kuti "komanso mapampu opalasa anawonongeka". Mawu akuti "komanso" akalowa m'chiganizo chotere ndi chizindikiro chakuti ndimeyo yanyamula mfundo ziwiri ndipo iyenera kugawidwa. Ndime 5 ndi ya msika wa tomato, ndime 6 yabwereranso ku mbiri ya gulu, ndime 7 alibe choti alembe chifukwa ndi mawu othokoza okhaokha, ndipo pempho lenileni la pampu likuoneka koyamba pa ndime 9, patsamba lachinayi. Akayang'ana mizere 10 imeneyi yokha, lipoti lenilenilo atalitseka, vuto likuonekera poyera: wolandira lipotili, amene mwina ali ndi malipoti ena ambiri patebulo, awerenga masamba atatu a mbiri ndi madandaulo asanadziwe chimene akupemphedwa. Kukonza kwake n'kwakukulu koma n'kosavuta kukuona. Ndime 9 ipite kumayambiriro, ndime 1, 2 ndi 6 ziphatikizidwe n'kufupikitsidwa, ndime 4 igawidwe pawiri, ndipo ndime 7 ichotsedwe kapena itsale chiganizo chimodzi kumapeto.

Mizere imeneyi imaonetsanso zimene zikusowa, chomwe njira zina ziwirizo sizichita bwino. Powerenga mzere ndi mzere, mlembiyo akuona kuti palibe paliponse pamene wafotokoza amene adzasamalire pampuyo ndi kumene kudzachokere ndalama zoikonzera ikawonongeka, chonsecho lipoti lomwelo lavomereza kuti mapampu akale anafa osakonzedwa. Funso limeneli wopereka thandizo aliyense adzalifunsa. Khutu silingamve ndime imene kulibe, ndipo diso papepala limangotsatira zomwe zalembedwa.

Malire a njirayi nawonso ayenera kudziwika. Siona chiganizo chopotoka kapena mawu olembedwa molakwika, ndipo pa nkhani yaifupi ya ndime zitatu kapena zinayi ndi kutaya nthawi chabe. Pa nthano kapena nkhani yopeka imafunika kusinthidwa, kuti m'malo mofunsa mfundo ya ndime muzifunsa chimene chasintha m'gawo lililonse. Amene amalemba mu Microsoft Word angaganize kuti Navigation Pane, yopezeka pa View, imawachitira kale ntchitoyi, koma iyo imangoonetsa timitu timene mwaika nokha, ndipo kamutu kamalonjeza zimene ndime zapansi pake sizikwaniritsa nthawi zonse.

Kuwerenga mokweza kumagwira ntchito pa ziganizo. Pakamwa pamayenda pang'onopang'ono kuposa maso ndipo sipangadumphe mawu mosavuta, choncho paliponse pamene lilime lapunthwa kapena mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, ikanipo chizindikiro n'kupitirira. Lipoti la masamba asanu limatenga mphindi pafupifupi 20. Muyenera kutulutsadi mawu monga mmene mungawerengere pamsonkhano, chifukwa kung'ung'udza chamumtima kumakubwezerani ku liwiro la maso.

M'Chichewa njirayi ili ndi phindu lapadera, chifukwa mgwirizano wa dzina ndi mneni umamveka m'khutu msanga kuposa mmene umaonekera patsamba. M'lipoti lija muli chiganizo ichi: "Alimi a m'gulu lathu, omwe ambiri mwa iwo ndi amayi amene amalima tomato ndi anyezi m'dimba la m'mbali mwa mtsinje, komanso chifukwa chakuti madzi amachepa mu Okutobala, zimachititsa kuti zokolola zichepe." Pasikirini chimaoneka ngati chiganizo chabwinobwino. Pochitchula mokweza mumamva kuti munayamba ndi "alimi" koma mwathera pa "zimachititsa", ndipo alimi aja atsala panjira opanda mneni wawo. Kukonza kwake n'kuchidula pawiri: "Ambiri mwa alimi a m'gulu lathu ndi amayi olima tomato ndi anyezi m'dimba la m'mbali mwa mtsinje. Madzi akachepa mu Okutobala, zokolola zawo zimachepanso." Khutu limamvanso ziganizo zitatu zotsatizana zoyamba ndi "choncho", mawu aulemu amene asintha pakati pa kalata, ndi ziganizo zimene zamangidwa motsatira Chingerezi, zomwe munthu sangazilankhule pamaso pa anzake.

Vuto la njirayi ndi lakuti mwini nkhani amadziwa pokweza mawu ndi popumira, motero akhoza kuchititsa chiganizo chofooka kumveka bwino. Ngati pali mnzanu woti akuwerengereni inu mukumvetsera, zotsatira zake zimaposa kuwerenga nokha, chifukwa pamene iye wakakamira n'kubwereza ndi pamene wowerenga weniweni adzakakamire. Vuto lina, lomwe ndi lalikulu, ndi lakuti nkhani yosalongosoka ikhoza kukoma m'khutu chiganizo ndi chiganizo. Mlembi uja akanayamba ndi kuwerenga mokweza akanatha ola lathunthu akusalaza ndime 6 ndi 7, zimene pamapeto pake zinayenera kufupikitsidwa kapena kuchotsedwa, ndipo ndime imene munthu waivutikira chotero imavuta kuitaya.

Kupulinta kuli ndi mphamvu ina. Nkhani ikasintha maonekedwe imakhalanso yachilendo pang'ono, ngakhale mwaiwerenga kale kawiri, ndipo n'chifukwa chake njirayi ingathe kudikira mpaka kumapeto. Mu 2018 Pablo Delgado ndi anzake a ku Spain ndi ku Israel anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri ndipo anapeza kuti anthu amamvetsa bwinoko nkhani zophunzitsa akamaziwerenga papepala kuposa pasikirini, makamaka nthawi ikakhala yochepa. Iwo ankayeza kumvetsa zolemba za anthu ena, osati kukonza zolemba zako, ndipo kusiyanako kunali kochepa, choncho pepala tisalitenge ngati mankhwala a zonse. Phindu lake lodalirika ndi losavuta kuliona: masamba onse asanu mukhoza kuwayala patebulo nthawi imodzi. Mlembi wathu atayala tsamba lachiwiri pambali pa lachisanu waona kuti m'nkhani analemba mamembala 42 pamene pamndandanda wa mayina alipo 46, ndiponso kuti ndalama zopemphedwa ndi K4,850,000 pamalo amodzi ndi K4,580,000 pamalo ena. Powerenga mokweza manambala awiriwa anatalikirana ndi mphindi zingapo, ndipo khutu linali litaiwala yoyamba lisanamve yachiwiri.

Kuti pepala ligwire ntchito, pulintani mbali imodzi yokha, zilembo zikhale za saizi 12, mizere italikirane pa 1.5 kapena 2.0 kuti pakhale polemba, ndipo gwiritsani ntchito bolopeni ya mtundu wosiyana ndi inki yakuda. Rula yoikidwa pansi pa mzere umene mukuwerenga imaletsa maso kuthamanga, ndipo pamenepo mumagwira zinthu zimene khutu silisiyanitsa: "kwa mbiri" m'malo mwa "kwambiri", "mmudzi" pamalo ena ndi "m'mudzi" pamalo ena, kapena dzina la mudzi lolembedwa ndi l patsamba loyamba ndi r patsamba lachitatu. Pobwezera zokonzazo m'kompyuta, chongani chilichonse papepala mukangochilowetsa, chifukwa apa ndi pamene zokonza zina zimaiwalika ndipo zolakwa zatsopano zimalowa.

Pepala limadya ndalama, ndipo kwa amene amapulintitsa kutauni polipira tsamba lililonse, kupulinta chaputala chimene ndime zake zisuntha mawa n'kuwononga. Ngati pulinta palibe, kusintha mtundu wa zilembo, kusunga nkhaniyo ngati PDF n'kuiwerenga pafoni kumathandizako kuti ioneke yachilendo, ngakhale kuti simungayale masamba pambali ndi pambali, ndipo manambala muyenera kuwakopera pakapepala kuti muwafananize.

Nthawi ikakhala yochepa, kusankha kumadalira utali wa nkhani ndi chimene chingaigwetse. Lipoti kapena pempho lopitirira masamba awiri lipatsidwe kutola mfundo ngakhale zina zonse zitalephereka, chifukwa wopereka thandizo akhoza kukhululukira chilembo cholakwika koma sangayankhe pempho limene sanalipeze. Mawu oti mukalankhule pamaliro, kutchalitchi kapena pawailesi afunika khutu kuposa china chilichonse. Zolemba zokhala ndi ndalama, masiku ndi mayina a anthu, monga bajeti kapena kalata yofunsira ntchito, zisachoke m'manja mwanu musanaziwerenge papepala ndi rula.