Kugawa ndi 70 kapena ndi 72: iti imayandikira zoona?

Pamene tinkawerengetsa ndalama za gulu lathu la alimi a tiyi kuno ku Thyolo, panabuka mtsutso pa funso loti ndalama zosungidwa zimatenga zaka zingati kuti ziwirikize kawiri. Ena ankati tigawe 70 ndi peresenti ya chiwongoladzanja, pomwe mlembi wathu ankaumirira kuti nambala yoyenera ndi 72. Madzulo ake ndinaziyesa zonse ziwiri pa pepala, ndipo ndinapeza kuti iliyonse ili ndi malo ake.

Tiyambe ndi ndalama. Mukasunga K100,000 pa 10 peresenti pa chaka, njira ya 70 ikupereka zaka 7, pomwe ya 72 ikupereka zaka 7.2. Mukaonkhetsa chaka ndi chaka, ndalamazo zimakhala K110,000, kenako K121,000, kenako K133,100, ndipo pakutha pa chaka chachisanu ndi chiwiri zimafika pa K194,872, kutanthauza kuti zikupereweradi pang'ono pa K200,000. Yankho lenileni ndi zaka pafupifupi 7.3, choncho 72 ndi imene yayandikira. Pa 8 peresenti imachita kulasa penipeni pa zaka 9, ndipo ili ndi ubwino wina woti imagawika mosavuta ndi 3, 4, 6, 8, 9 ndi 12 popanda kugwira cholembera.

Pa chiwerengero cha anthu zinthu zimatembenuka. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu m'Malawi ankachuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka. Njira ya 70 ikupereka zaka 24.1, ya 72 ikupereka 24.8, pomwe yankho lenileni ndi pafupifupi 24.2. Chifukwa chake n'chakuti nambala imene njira zonsezi zinachokera ndi 69.3, yomwe imagwira bwino pamene peresenti ili yaing'ono kapena pamene chinthu chikukula tsiku ndi tsiku, monga ana amene amabadwa osadikira kutha kwa chaka. Kwa ife amene minda yathu inapanikizika kale pakati pa maesiteti, zaka 24 si zambiri, ngakhale kuti peresenti ya dziko lonse siyenera kutengedwa ngati ya boma lathu, poti ambiri amasamukira kwina.

Njira zonse ziwiri zimalephera pamene peresenti yakwera, chifukwa pa 20 peresenti zimapereka zaka 3.5 ndi 3.6 pomwe zoona ndi 3.8. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: zimagwira ntchito pokhapokha ngati chiwongoladzanja chikubwezeredwa m'thumba kuti nacho chibereke. Gulu limene limagawana phindu lonse chaka chikatha, monga amachitira ambiri a banki m'khonde, n'kuyambanso ndi K100,000 yomwe ija, limangopeza K10,000 chaka chilichonse, ndipo lidzadikira zaka 10 zathunthu kuti lipeze K100,000 inayo.