Miyezi 11 ndikumwa finasiteraidi: mikodzo inamasuka, koma m'nyumba munasintha

"Achimwene, adokotala andilembera finasiteraidi chifukwa cha pulositeti yokula. Koma anzanga ku bawo akuti mankhwala amenewa amagwetsa munthu m'papaya. Inu mwamwa nthawi yaitali, ndiuzeni zoona, ndiyambe kapena ndiwasiye?"

Ine ndikumwabe, achimwene, ndipo nditabwerera m'mbuyo ndikanayambanso. Koma sindikunamizani kuti anandisiya mmene anandipezera. Ndikufotokozerani mmene zayendera kuchokera mu Ogasiti chaka chatha, kuti mukabwerera kwa adokotala anu mukadziwe zofunsa.

Ndili ndi zaka 61. Chisanu cha chaka chatha, mphepo ija yotsika m'phiri mu Juni ndi Julayi, ndinkadzuka kasanu usiku umodzi kukataya madzi. Ndikafika pamalo ndinkaima kaye kudikira, mkodzo n'kuyamba mofooka, kuduka, kuyambanso, ndipo pomaliza ndinkamva kuti wina watsalira. Mayi akunyumba anachita kundiikira kachidebe kuseri kwa chitseko kuti ndisamatuluke panja ndi chisanu. Chimene chinanditumiza kuchipatala ndi ulendo wa ku Blantyre. Ndinataya madzi ndisanakwere minibasi, koma tisanafike n'komwe pa Namadzi ndinali nditapempha kale kondakitala kuti tiime, anthu onse akundiyang'ana.

Adokotala anandiyeza ndi chala kunjira ya chimbudzi, anandiunika pamimba ndi makina, anayezanso mikodzo ndi magazi. Anati pulositeti yanga inali mamililita 58, pamene ya mnyamata imakhala pafupifupi 20 kapena 25, ndipo PSA, chinthu chochokera ku pulositeti chimene amachiyeza m'magazi, inali 3.8. Pulositeti ndi kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake penipeni. Ikakula imafinya njirayo ngati mmene munthu angapondere paipi ya madzi. Anandilembera mitundu iwiri: tamusulosini wa mamiligalamu 0.4 ndi finasiteraidi wa mamiligalamu 5, aliyense kamodzi pa tsiku.

Awiriwa ntchito zawo n'zosiyana, ndipo pano mpamene ambiri amasokonezeka. Tamusulosini amamasula minofu ya pakhomo pa chikhodzodzo, ndiye mumamva kusintha m'masiku ochepa, koma sachepetsa pulositeti. Finasiteraidi ndi wa pang'onopang'ono. M'thupi mwa mwamuna, mbali ina ya tesitositeroni, homoni yachimuna, imasandutsidwa kukhala homoni ina yotchedwa DHT, ndipo DHT ndi amene amakulitsa pulositeti. Finasiteraidi amatsekereza kusandutsako, DHT wa m'magazi n'kutsika ndi magawo pafupifupi 70 pa 100, ndipo pulositeti imafota ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Koma zimenezi zimafuna miyezi 6 kapena kuposa. Amathandiza kwambiri amene pulositeti yawo ndi yaikuludi, choncho funso loyamba kwa adokotala likhale lakuti yanu anaipeza yaikulu bwanji.

Sabata yachiwiri ndinayamba kudzuka katatu m'malo mwa kasanu. Ameneyo anali tamusulosini. Anandipatsanso chizungulire ndikadzuka mofulumira, mpaka ndinaphunzira kukhala kaye m'mphepete mwa bedi ndisanaimirire.

Za m'nyumba zinayamba kusintha cha mu Okutobala, ndipo sizinabwere zonse pamodzi. Anzanu aku bawo amangoti munthu wagwa m'papaya, ngati ndi chinthu chimodzi, pamene ndi zinthu zitatu zosiyana. Choyamba kuonekera kwa ine chinali umuna. Unachepa kwambiri, masiku ena osatuluka n'komwe ngakhale ndamaliza bwinobwino. Kenako chinazirala ndi chilakolako. Ichi n'chovuta kuchifotokoza chifukwa palibe chimene chimawawa. Umangozindikira kuti papita masabata atatu osaganizako, ndipo sunasowe kanthu. Kudzuka kwa chida kunabwera pomaliza: kunkatheka, koma mochedwa, ndipo nthawi zina kunkathera panjira. Kudzuka kwa m'bandakucha kuja, kumene mwamuna aliyense amakudziwa, kunasowa pafupifupi mwezi wonse wa Novembala.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti palibe anandichenjeza. Pamene ndinkalandira mankhwala anangolemba pa kapepala nthawi yomwera, basi. Ndiye ndinakhala chete, ndikuganiza kuti ndi ukalamba. Mayi nawonso anakhala chete, koma akuganiza zina. Usiku wina mu Disembala, magetsi atazima, tinali pakhonde iwo akusadzula masamba a nkhwani m'lichero pa kuwala kwa tochi. Osandiyang'ana, anati, "Bambo, ngati mwapeza wina ku tauniko mungondiuza. Ndakula ine, sindingachite phokoso." Takhala m'banja zaka 34 ndipo anali asanandiyankhulepo mawu otero. Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga kabokosi ka mankhwala, tinatambasula kapepala kopindapinda kam'katimo n'kuwerenga limodzi ndi tochi yomweyo. Zonse zitatu zinalembedwamo.

Musanayambe kumwa, auzeni alamu anga. Langizo limeneli ndikulipereka ndi mtima wonse, chifukwa miyezi iwiri imene mkazi wanga anavutika mumtima inali yopeweka.

Pamenepo ndinalakwitsa china. Ndinasiya finasiteraidi mwakachetechete kwa masabata atatu, n'kugula gondolosi mumsika kuti ndizitafuna. Sindinaone kusintha kulikonse, ndipo nditakaulula mu Januwale adokotala anandifotokozera modekha kuti ukasiya mankhwalawa pulositeti imabwerera pa msinkhu wake wakale m'miyezi yochepa, moti ndikanataya pachabe miyezi yonse imene ndinapirira. Anandiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa pa msinkhu wathu ziwirizi ndi zimene kawirikawiri zimafooketsa mwamuna, ndipo mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachitanso zomwezo. Zonse zinali bwino. Anandifunsanso mmene zinalili ndisanayambe mankhwala, ndipo ndinavomera kuti munthu wodzuka kasanu usiku sakhala ndi mphamvu zambiri za m'nyumba. Vuto la mikodzo lenilenilo limayenda limodzi ndi kufooka kumeneku, ngakhale kwa amene sanamwepo kalikonse.

Kodi zimagwera angati? Pali kafukufuku wamkulu amene anatsatira amuna pafupifupi 3,000 kwa zaka zinayi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1998. M'chaka choyamba, amuna 8 pa 100 alionse omwa finasiteraidi anadandaula za kusadzuka, pamene mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala anali pafupifupi 4. Za chilakolako anali 6 poyerekeza ndi 3. M'zaka zotsatira magulu awiriwa sanasiyanenso. Ndiye ambiri sizimawagwera, koma ine ndinali m'gulu la ochepawo, ndipo ukakhala m'gulu limenelo chiwerengero sichitonthoza. Kafukufuku yemweyo anaonetsa chimene chinandibwezera pa mankhwala: ngozi yotsekeka mkodzo kotheratu, komanso yofika pochitidwa opaleshoni, inatsika ndi kupitirira theka. Ndinaonapo mkulu wina wa kutchalitchi kwathu akuyenda ndi kachubu ndi kathumba ka mikodzo kobisa m'buluku kwa miyezi, ndipo sindifuna kufika pamenepo ngati pali njira.

Pali chinanso chimene simuyenera kubisiridwa. Amuna ambiri akasiya mankhwalawa zinthu zimabwerera, ndipo ena zimabwerera akumwabe. Koma alipo amene ananena kuti vutolo linapitirira ngakhale atasiya, ndipo mu 2012 boma la Amereka linalamula kuti chenjezo limeneli lizilembedwa pa kapepala ka mankhwalawa. Mankhwalawa amathanso kugwetsa munthu ulesi wa mumtima. Mukaona kuti mwayamba kukhala wachisoni popanda chifukwa, kusowa tulo, kapena kuganiza zodzipweteka, musadikire tsiku lanu la kuchipatala.

Mu Febuluwale ndinabwereza PSA ndipo inali 2.0. Ndinasangalala, koma adokotala anati finasiteraidi amatsitsa PSA ndi pafupifupi theka, choncho iwo amaichulukitsa kawiri powerenga. Yanga ndiye inali ngati 4.0, pafupi ndi pomwe ndinayambira. Ichi n'chofunika kwambiri, chifukwa PSA ndi imodzi mwa njira zofufuzira khansa ya pulositeti. Mukakayezetsa kwina osanena kuti mukumwa finasiteraidi, akhoza kukuuzani kuti zili bwino pamene sizili bwino. Yezetsani musanayambe, sungani kapepalako m'buku lanu la kuchipatala, ndipo ikayamba kukwera mukumwa mankhwala, ngakhale pang'ono, adokotala ayenera kudziwa.

Kusintha kwenikweni kunabwera mu Meyi. Mkodzo unali utayamba kutuluka ndi mphamvu, ndiye adokotala anati tiyese kusiya tamusulosini tione. Patangopita sabata imodzi umuna unabwerera, ngakhale wocheperapo kusiyana ndi kale. Apa mpamene ndinadziwa kuti kuuma kuja kwakukulu sikunali kwa finasiteraidi amene ndinkamuda, koma kwa mnzakeyo. M'malo mwake anandilembera tadalafili wa mamiligalamu 5 tsiku lililonse, amene amathandiza mikodzo komanso kudzuka. Asanalembe anandifunsa kawiri ngati ndimamwa mankhwala a mtima a kupweteka kwa pachifuwa, monga aja oika pansi pa lilime, chifukwa kuphatikiza ziwirizi kumatsitsa kuthamanga kwa magazi moopsa. Ndimachita kugula ndekha ndipo thumba limamva. Za kudzuka zakhala bwino ndithu. Koma tadalafili sabweretsa chilakolako, amangothandiza thupi chilakolakocho chikakhalapo.

Zing'onozing'ono ziwiri za pakhomo. Mawere anga anayamba kumva kuwawa pang'ono ndikawagunda, cha m'mwezi wachisanu, kenako zinatha, koma chotupa kapena madzi otuluka m'bere n'zokaonetsa. Ndipo mpongozi wathu ali ndi pakati, ndiye mapiritsi ndimasunga pamwamba pa kabati ndipo sindiwadula. Mayi woyembekezera sayenera kugwira piritsi losweka kapena lophwanyika, chifukwa likhoza kusokoneza kapangidwe ka maliseche a mwana wamwamuna.

Musaiwalenso kuti si vuto lililonse la mikodzo limene ndi pulositeti. Inu mumapitapita ku Kachulu kukagula nsomba ndipo mumaponda madzi a m'nyanja ya Chilwa, choncho mukaona magazi m'mikodzo akuyezeninso likodzo, osangoti ndi ukalamba. Ndipo tsiku limene mkodzo wakana kutuluka kotheratu, mimba yatupa, pitani ku chipatala chachikulu cha Zomba ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Lero tili mu Julayi, chisanu chomwe chija. Ndimadzuka kamodzi, nthawi zina kawiri ngati ndamwa tiyi madzulo. Kachidebe kaja mayi anakatsuka n'kudzalamo tsabola. Mwezi wathawu ndinapita ku Limbe n'kubwerako osaimitsa minibasi. Chilakolako sichinabwerere pomwe chinali, ndinganene kuti chili pa theka, ndipo masiku ambiri amayambitsa ndi mayi, zimene sizinkachitika kale. Ndinawauza adokotala kuti zimenezi zimandikhudza, ndipo tinagwirizana kuti mu Ogasiti, chaka chikakwana, andiunikenso pulositeti ndi PSA, kenako tidzakambirane ngati ndipitirize. Mayi anena kuti ulendo umenewo tidzalowa limodzi m'chipinda cha adokotala.