Kuima pakati kapena kufika kumapeto: Gauss ndi Gauss-Jordan

Ana anga a masamu kuno ku Nchalo amafunsa kawirikawiri: "Aphunzitsi, tiimire pati?" Njira zopezera x, y ndi z mu ma equation atatu zilipo ziwiri, ndipo zimayamba mofanana. Titenge x + y + z = 6, 2x + 3y + z = 11, ndi x + 2y + 3z = 14. Timalemba manambala okha m'mizere itatu, R1, R2 ndi R3, ndipo chilichonse chimene tachita pa mzere timachilemba pambali pake.

```
R1            [1 1  1 |  6]
R2 → R2 − 2R1 [0 1 −1 | −1]
R3 → R3 − R1  [0 1  2 |  8]
R3 → R3 − R2  [0 0  3 |  9]
```

Njira ya Gauss imaimira pomwepa. Mzere wapansi ukuti 3z = 9, ndiye z ndi 3. Tikakwera nayo m'mwamba, y − 3 = −1, choncho y ndi 2, ndipo x ndi 1. Ndi yachangu, moti pa mayeso ine ndimasankha imeneyi, makamaka masana a Okutobala thukuta likudonthera papepala.

Ya Gauss-Jordan imapitiriza ndi masitepe anayi: R3 → R3 ÷ 3, R2 → R2 + R3, R1 → R1 − R3, kenako R1 → R1 − R2. Mayankho 1, 2, 3 amangooneka okha kumanja. Ndi yotalika, koma ubwino wake ndi woti palibe chowerengera pamtima. Zonse zili papepala.

Kulembako ndiye kumandikhudza. Mtsikana wina anapeza [0 −2 1 | −3] pa sitepe yachitatu. Titayang'ana pambali, tinaona kuti anachotsera R2 yakale, ya 2, 3, 1, 11, m'malo mwa yatsopano. Ziro yoyambirira ija anangoikopera. Akadapanda kulemba masitepe, tikadafufuta tsamba lonse. Apa tinangokonza mzere umodzi, n'kubwezera 1, 2, 3 mu 2x + 3y + z, n'kupeza 11.