Kuuza Owerenga Kapena Kulola Katundu Alankhule

Mnyamata wina ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, analemba ndakatulo yondandalika katundu wa agogo ake, omwe anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno. Anailemba kawiri.

Poyamba chinthu chilichonse anachipatsa ndemanga: "chipewa chachisoni, sutikesi yodzaza misozi". Pofika mzere wachitatu ndinali nditatopa, chifukwa wandiliritsa maliro ndisanamudziwe womwalirayo.

Kachiwiri anangotchula zinthu, kuyambira zopepuka: lumo, chipeso, wailesi yopanda batire, buku la nyimbo lothothoka chikuto. Kenaka makalata atatu ochokera kumudzi. Mzere womaliza: tikiti ya basi yopita ku Lilongwe, yosabooledwa. Tikitiyo ikanakhala pamwamba ikanangokhala kapepala. Apa lumo ndi wailesi zayamba zatidziwitsa mkuluyo, ndiye kusabwerera kwake kukupweteka.

Komabe ndinamuuza achotse chipeso. Chikunena zomwe lumo lanena kale.