Masilaidi 38 anakhala masamba atatu: nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsa chifukwa cha Q2

Ndine manijala wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimapereka lipoti ku bodi ya anthu asanu ndi anayi. Msonkhano umakhala wa maola awiri. Kale ndinkabwera ndi masilaidi a PowerPoint, n'kuyamba kuwerenga imodziimodzi pa pulojekita. Pofika silaidi yomaliza mphindi 80 zapita, tiyi wazizira, ndipo nkhani yomwe tinasonkhanira yatsala ndi kanthawi kochepa. Nthawi zambiri inkathera pa mawu a atcheya akuti, "Tiikambirana ulendo wamawa."

Pa msonkhano wa mu Okutobala ndinalemba ganyu mayi wina yemwe ntchito yake ndi kutenga masilaidi n'kuwasandutsa chikalata chachifupi choti anthu awerenge asanabwere. Ndinawatumizira masilaidi 38. Anandilipiritsa ndalama yosafika yomwe timawononga pa chakudya chamasana cha bodi tsiku limodzi, ndipo anati atenga masiku atatu. Masikuwo anawasungadi.

Ndinkaganiza kuti angodula mawu basi. Koma tsiku loyamba lomwelo anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Abwana, kodi bodi ikamatuluka m'chipindamo iyenera kukhala itagamula chiyani?" Ndinakhala kaye chete. Yankho linali loti ivomereze kapena ikane kuchita lendi nyumba yachiwiri yosungiramo mbewu, koma nkhani imeneyi inali pa silaidi 31, kuseri kwa zithunzi za maphunziro a alimi ndi magalafu a mamembala atsopano. Tinacheza pafupifupi mphindi 40. Anandipemphanso fayilo ya Excel yomwe manambala anachokera, komanso zimene ndinalemba m'munsi mwa silaidi iliyonse, pa malo a Notes aja. Anati silaidi imangonyamula mitu, koma chifukwa chake chimakhala m'mutu mwa woyankhula, ndiye popanda kufunsa mwiniwake chikalata chimangokhala masilaidi omwewo atavala malaya ena.

Zimene anabweza zinali masamba atatu, mawu pafupifupi 1,200. Tsamba loyamba linayamba ndi chigamulo chofunika, kenako njira ziwiri zomwe zinalipo ndi mtengo wa iliyonse, kenako maganizo anga monga manijala. Tsamba lachiwiri linali umboni wake. Lachitatu linali nkhani zongodziwitsa, zomwe sizifuna kukambirana. Pa magalafu 11 anasiya awiri okha. Zithunzi zonse anachotsa, ndipo kunena zoona zinandiwawa pang'ono chifukwa ndinajambula ndekha.

Pomwe ndinaona kuti ndalama yanga sinapite m'madzi ndi apa. Silaidi 9 inkati tili ndi matani 64 m'nyumba yosungiramo, pomwe silaidi 27 inkati matani 71. Ine ndinali nditayang'ana masilaidiwo kangapo osaona kanthu, chifukwa pakati pa awiriwo pali masilaidi 17 ndipo pofika pa wachiwiri munthu waiwala kale woyamba. Iwo poyesa kulemba chiganizo chimodzi chonena kuchuluka kwa mbewu anakakamira, n'kundifunsa kuti nambala yoona ndi iti. Zinapezeka kuti 64 anali soya yekha, 71 anali soya ndi mtedza pamodzi. Nyumba yathu imalowa matumba 1,600 a makilogalamu 50, omwe ndi matani 80. Ndiye kuti sinali yodzaza ndi matumba 1,280 monga ndinkanenera, koma 1,420, malo otsala a matumba 180 okha. M'chikalata anangolemba momveka choncho, matumba m'malo mwa matani, poti alimi a mu bodi amawerengera matumba.

Tsono nayi nyenyezi yomwe ndachotsa. Pamwamba pa silaidi ya manambalawo panali Q2, kutanthauza gawo lachiwiri la chaka tikachigawa m'miyezi itatuitatu. Chaka chathu cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, monga cha boma, choncho Q2 kwa ife ndi Julayi mpaka Seputembala. Iwo sanafunse. Anatenga ngati chaka chimayamba mu Januwale, n'kulemba kuti "pofika kumapeto kwa Juni". Zikuoneka zazing'ono, koma zimatembenuza nkhani yonse. Matumba 1,420 kumapeto kwa Juni akutanthauza kuti nyumba yatsala pang'ono kudzaza alimi akadali mkati mobweretsa mbewu, ndiye yachiwiri ikufunika lero lomwe. Matumba omwewo kumapeto kwa Seputembala akutanthauza kuti kugula kwatha, tikudikira ogula, ndipo nkhani ya lendi ndi ya nyengo yamawa. Chiganizocho chinali chosalala bwino, ndipo ndinachidutsa powerenga koyamba. Anachigwira ndi akauntanti wathu, yemwe anakhala pansi ndi Excel n'kulondola nambala iliyonse ndi mwezi uliwonse. Titawauza mayi aja anapepesa n'kukonza tsiku lomwelo osalipiritsa. Komabe munthu yemwe anafunsa mafunso ambiri chonchija anayenera kufunsanso limeneli.

Chikalata ndinachitumiza kutatsala masiku asanu, ngati PDF pa gulu lathu la WhatsApp. Masilaidi aja ankalemera 18 MB ndipo ena sankawatsegula n'komwe poopa bandulo, pomwe ichi sichinafike 1 MB. Vuto linali tebulo la mitengo ya lendi, lomwe linali ndi mizati isanu ndi umodzi. Pa kompyuta limaoneka bwino, koma pa foni munthu ankachita kukoka uku ndi uku mpaka kusokoneza mizere. Mukamawapatsa ntchito, auzeni msanga ngati anthu anu amawerengera pa foni.

Kodi anawerenga? Nditafunsa, asanu anati inde, awiri anati anangoona tsamba loyamba, ndipo awiri anayang'ana kudenga. Ndinali nditasindikiziratu makope, ndiye atcheya anapereka mphindi 10 zoti aliyense awerenge mwakachetechete. Njira imeneyi si yathu. Ku kampani ya Amazon, Jeff Bezos analetsa PowerPoint m'misonkhano ya akuluakulu mu 2004, ndipo amayamba ndi kuwerenga chikalata cha masamba osaposa asanu ndi limodzi ali chete. Kwa ife mphindi zoyamba zinali zamanyazi, anthu akuluakulu atawerama ngati ali pa mayeso a Fomu 4, koma zinadutsa. Ine ndinayankhula mphindi zisanu zokha.

Zokambirana zinatenga ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Mayi wina wa mu bodi, yemwe kawirikawiri sanena kanthu, analoza tsamba lachiwiri n'kufunsa chifukwa chake tikulipira malo osungira mtedza womwe ogula amautenga msanga, m'malo mogwirizana nawo kuti azikautenga kumakalabu. Funso limenelo linabala njira yachitatu yomwe sinali m'chikalata ngakhale m'masilaidi anga. Bodi inagamula kuti lendi idikire mpaka Febuluwale, ine ndibwere ndi mitengo ya njira zonse zitatu.

Chimodzi chomwe sindinayembekezere ndi choti manijala amapanikizika kwambiri akakhala kuti alibe masilaidi obisalamo. Mafunso anandigwera ambiri kuposa msonkhano wina uliwonse, ndipo awiri ndinalephera kuwayankha pomwepo.

Mayi olemba chikalata aja ndidzawapatsanso ntchito mu Januwale. Ulendo uno ndidzalemba mayina a miyezi pa silaidi iliyonse m'malo mwa Q3, ndipo ndawapempha kale kuti tsamba loyamba lidzakhalenso m'Chichewa, ngakhale anena kuti pamenepo mtengo ukwera pang'ono.