APA, Harvard kapena Chicago: kalembedwe kolembera magwero asanu a zanyengo ndi ulimi

Anzanga akhala akundifunsa kalembedwe komwe ndimatsata polemba mndandanda wa magwero wokhala ndi ndemanga pansi pa gwero lililonse. Ine ndi wa APA, ndipo Harvard ndinamusiya atandipweteka.

Magwero anga anali asanu: buku la 2013 la ulimi wogwirizana ndi nyengo la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lipoti la 2019 lokhudza nyengo ndi nthaka la IPCC, bungwe la United Nations lounika za kusintha kwa nyengo, ndi mapepala atatu a kafukufuku, la Rosenzweig ndi Parry la 1994, la Schlenker ndi Roberts la 2009, komanso la Lobell ndi anzake la 2011. Ndinawalemba m'Harvard, ntchito inabwerako ili psuu ndi inki yofiira.

Vuto ndi lakuti Harvard alibe buku limodzi la malamulo. Sukulu iliyonse ili ndi Harvard wakewake. Mapepala atatu aja ndinatsata chitsanzo choika chaka m'mabulaketi ndi mutu m'zizindikiro zogwira mawu, koma malipoti ndinaonera kwina komwe chaka chimaima pachokha. Gwero lililonse palokha linali lolondola. Onse asanu pamodzi ankaoneka ngati alembedwa ndi anthu awiri. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndemanga zomwe ndinachezera nazo usiku sizinayamikiridwe n'komwe, malikisi anathera pa mabulaketi.

Chicago ndi wolongosoka, kungoti njira yake ya manotsi imakankhira chaka kutali ndi dzina, pamene pa zanyengo wowerenga amafuna kuona msanga kuti kafukufukuyu ndi wa 1994 kapena 2019.

APA wa m'buku lake la malamulo lachisanu ndi chiwiri ali ndi lamulo limodzi kulikonse:

```
Lobell, D. B., Schlenker, W., & Costa-Roberts, J. (2011). Climate trends and global crop production since 1980. Science, 333(6042), 616–620. https://doi.org/10.1126/science.1204531
```

Dzina la magazini ndi nambala 333 zikhale zopendeketsa. Ndemanga imayamba pa mzere watsopano, yolowa mkati theka la inchi. Yanga imanena kuti pakati pa 1980 ndi 2008 kusintha kwa nyengo kunachepetsa zokolola za chimanga padziko lonse ndi 3.8 peresenti, za tirigu ndi 5.5 peresenti, poyerekeza ndi momwe zikanakhalira nyengo ikanapanda kusintha. Kenaka ndimatchula malire ake: ziwerengero ndi za dziko ndi dziko, sizikuuzani za munda umodzi. Ndimamaliza poligwirizanitsa ndi pepala la 2009 lija, lomwe linapeza kuti ku United States zokolola za chimanga zimagwa msanga kutentha kukapitirira madigiri 29 a Celsius.

APA nayenso ali ndi pokhumudwitsa. Mabungwe sangalowe mumndandanda ndi zilembo zachidule, FAO ndi IPCC muwalembe maina onse, ndipo ngati bungwe lomwelo ndi lomwe linasindikiza musalibwereze kumapeto. Apa ndinalakwitsapo kamodzi, koma ndinali ndi buku loti nditsegule n'kupeza yankho limodzi. Aphunzitsi anu akaumirira Harvard, apempheni chitsanzo cha sukulu yanu musanalembe gwero loyamba.