Ndemanga yanga pa anacron, kwa amene seva imazima ndi magetsi

Kwa aliyense amene ali ndi kaseva kakang'ono malo oti magetsi amangothimathima, anacron, pulogalamu ya Linux yomwe imayendetsa ntchito zimene zaphonyedwa makina ali ozima, ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Kwanga ndi ka Raspberry Pi 4, ntchito yake yaikulu ndi bakapu ya tsiku lililonse. Poyamba inali pa cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa ola lomwe mwaika, 2 koloko usiku, koma cron ikapeza kuti nthawi ija makina anali ozima basi yadutsa, siibwereranso ndipo siikuuzani kanthu, mumangodzaona mufoda kuti mafayilo a masiku ena palibe.

Anacron siyang'ana ola, imayang'ana masiku. Mu `/etc/anacrontab` ndinaika mzere umodzi:

```
1  15  bakapu  /usr/local/bin/bakapu.sh
```

1 ndi tsiku lililonse, 15 ndi mphindi zodikira isanayambe, zomwe zimathandiza kuti diski ndi netiweki ziyambe zadzuka kaye. Ntchito ikatha imalemba deti mu `/var/spool/anacron/bakapu`, ndiye mukafuna kudziwa ngati yayenda ingotsegulani fayilo imeneyo. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri nchakuti detiyo imalembedwa ntchito ikamaliza, magetsi akathima ili pakati imadzayambiranso akabwera.

Koma apa mvetsetsani. Tinene kuti magetsi athima Lolemba madzulo nkubwera Lachitatu m'mawa, pamenepo cron yaphonya kawiri, anacron iyendetsa kamodzi kokha osati kawiri ayi. Pa bakapu palibe vuto. Koma ngati sikiripiti yanu imapanga lipoti la "dzulo", ipanga la Lachiwiri lokha, la Lolemba latayika ndipo deti mufayilo muja izioneka ngati zonse zili bwinobwino. Sikiripitiyo izisunga yokha tsiku lomaliza lomwe inakonza nkumayambira pamenepo mpaka lero, komanso izilemba kaye mufayilo yongoyembekezera kenako `mv` ikamaliza, kuti bakapu yoduka pakati isafufute yabwino ija.

China ndi wotchi. Pi 4 ilibe batire la wotchi, ikayaka imatenga nthawi yomwe inasunga isanazime mpaka ipeze intaneti, ndiye rauta ikachedwa kuyaka anacron imaona ngati likadali Lolemba nkuganiza kuti ntchito inachitika kale. Mphindi 15 zija sizithandiza apa chifukwa deti yaiona kale poyamba. Pa Debian imadzayang'ananso ola lililonse kuyambira m'mawa mpaka usiku ndiye imadzagwira ndithu koma mochedwa. Ine ndinangogula kamodyulo ka wotchi ka DS3231 kokhala ndi batire lake, vuto linathera pompo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa sidziwa maola, ntchito ya ola lililonse siingathe. Imeneyo ndinaipititsa ku taima ya systemd yokhala ndi `OnCalendar=hourly` ndi `Persistent=true`, nayonso imabweza kamodzi kokha ngakhale itaphonya maola khumi. Musanazimitse makina poyesa, thamangitsani `anacron -T` ione ngati mzere wanu walembedwa bwino.